Kuwerenga katundu m'nyumba yaing'ono yosungiramo zinthu: pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kapena yense nthawi imodzi?

Munthu akabwera kudzatenga maloko 30, kaundula n'kumaonetsa kuti alipo 45, koma pashelefu mwapezapo 12 okha, vuto silinayambe tsiku limenelo. Linayamba kale, pa tsiku lina limene katundu analowa kapena kutuluka koma cholembera sichinayende naye limodzi. Timawerenga katundu kuti tipeze tsiku limenelo ndi chimene chinachitika, ndipo njira ziwiri zowerengera zimasiyana kwambiri pa mfundo yomweyi.

Njira yoyamba ndi kalembera wa katundu yense, amene ambiri amangoti sitokoteki. Mumaimitsa ntchito, kutseka zitseko, ndi kuwerenga chilichonse chimene chili m'nyumbamo, kawirikawiri kamodzi kapena kawiri pachaka. Njira yachiwiri ndi kuwerenga kwa kasinthasintha. Tsiku lililonse mumawerenga mitundu yochepa ya katundu ntchito ikuyenda, mawa ina, mkuja ina, mpaka mitundu yonse itafikiridwa, kenako n'kuyambanso.

Maganizo anga ndi akuti njira ziwirizi sizilimbana. Kalembera wa katundu yense amakupatsani poyambira poona. Kasinthasintha ndiye amasunga kaundula kuti akhalebe woona, chifukwa kusiyana kukapezeka patangopita masabata anayi, mapepala akadali pafupi ndipo anthu akukumbukirabe. Kusiyana kopezeka patapita miyezi khumi ndi iwiri mumangokulemba ngati katundu wotayika, poti palibe angakufotokozereni.

Kuti zimveke, titenge chitsanzo chongoyerekeza cha nyumba yosungiramo zipangizo zomangira, yokhala ndi mitundu 600 ya katundu ndi antchito asanu ndi mmodzi. Ndikamati mtundu, ndikutanthauza chinthu chimene chili ndi mzere wakewake m'kaundula. Loko wamkulu ndi loko wamng'ono ndi mitundu iwiri.

Choyamba: onani ngati muli ndi kaundula woti n'kumuyerekeza ndi shelefu

Kasinthasintha amafuna kaundula amene amalembedwa nthawi iliyonse katundu akalowa kapena kutuluka. Akhoza kukhala makadi omata pashelefu, buku, kapena pulogalamu ya pakompyuta. Chofunika n'chakuti m'mawa uliwonse mukhoze kunena kuti mtundu wakuti uyenera kukhala ndi zinthu zingati. Ngati mumangolemba zogula ndi zogulitsa pakutha pa mwezi, mulibe choyerekezera, ndipo kuwerenga mitundu isanu ndi itatu lero sikukuuzani kanthu. Pamenepo njira yanu ndi kalembera wa katundu yense basi, kufikira mutayamba kulemba tsiku ndi tsiku.

Malo nawonso akhale ndi maina. Mzere wa mashelefu, shelefu, ndi chipinda cha pashelefupo zipatsidwe nambala, monga `B-03-2`, ndipo kaundula anene kuti katundu wakuti amakhala pati. Mtundu umodzi ukamapezeka pamalo atatu osalembedwa, wowerenga amapeza awiri n'kunena kuti katundu wasowa pamene ali kuseri kwa makatoni ena.

Pali kuyesa kosavuta kumene mungachite mawa lomwe. Sankhani mitundu 30 mosakondera, osati imene mukuidziwa kuti ili bwino, muiwerenge ndi kuyerekeza ndi kaundula. Ikagwirizana yambiri, mukhoza kuyamba kasinthasintha. Ikasiyana theka kapena kuposa, musadzivute ndi kukonza mzere umodziumodzi, chifukwa kaundula yense ndi wokayikitsa. Konzani kalembera wa katundu yense kaye.

Kalembera wa katundu yense: mmene amachitikira

Ntchito yaikulu ya kalembera imachitika tsikulo lisanafike. Sankhani nthawi imene katundu amakhala wochepa ndipo ogula sachuluka. Auzeni okubweretserani katundu kuti tsiku limenelo simulandira chilichonse, ndipo ogula adziwe kuti simutulutsa. Patsiku limodzi kapena awiri otsogolera, konzani m'nyumbamo: katundu wa mtundu umodzi akhale pamodzi, makatoni otsegula akhale kutsogolo, owonongeka apatulidwe ndi kulembedwa chizindikiro. Katundu amene si wanu, monga wolipiridwa kale amene mwini wake sanadzatenge, kapena amene wina anangokusungitsani, aikidwe pakepake ndi chikwangwani chooneka bwino kuti asalowe m'chiwerengero.

Yerekezaninso nthawi. Ngati mtundu umodzi umatenga mphindi zitatu, mitundu 600 ndi mphindi 1,800, omwe ndi maola 30. Antchito asanu ndi mmodzi akakhala awiriawiri ndi magulu atatu, gulu lililonse maola 10, osaphatikizapo kubwereza kuwerenga. Ndiye kuti tsiku limodzi silikwana bwino. Anthu akatopa masana amayamba kuyang'ana mulu n'kungoganizira, choncho ndi bwino kugawa masiku awiri kusiyana ndi kukakamira usiku.

Madzulo a tsiku lotsogolera, dulani malire a mapepala. Lembani nambala ya pepala lomaliza lolandirira katundu ndi ya pepala lomaliza lotulutsira, ndipo onetsetsani kuti onse ofika pa nambala zimenezo alowetsedwa m'kaundula, pamene a pambuyo pake sanalowe. Apa m'pamene kalembera ambiri amawonongekera. Katundu amene wafika madzulo ndi kuikidwa pashelefu, koma pepala lake likadali m'dirowa, amaoneka ngati wowonjezera. Katundu amene wachotsedwa kale m'kaundula koma akudikira galimoto pakhomo amaonekanso chimodzimodzi ngati wina amuwerenga.

Patsikulo, perekani mapepala owerengera okhala ndi manambala otsatizana, ndipo lembani amene watenga pepala lililonse. Madzulo mapepala onse abwerere, ngakhale olakwika ndi osalembapo. Pepala lisonyeze malo, dzina la katundu ndi muyeso wake, koma lisasonyeze chiwerengero cha m'kaundula. Munthu akadziwa kuti payenera kukhala 48, maso ake amapeza 48. Mmodzi aziwerenga, mnzake azilemba ndi cholembera cha inki, ndipo ayende mbali imodzi yokha, kuchokera kumanzere kupita kumanja, pamwamba kutsika pansi, akumata kachizindikiro pamalo aliwonse amene amaliza. Asamayende ndi mndandanda kufunafuna katundu. Aziyenda ndi shelefu, kulemba chilichonse chimene achipeza, ngakhale chimene sichili papepala. Woyang'anira akamaliza kuzungulira osaona malo opanda chizindikiro, ndiye kuti kuwerenga koyamba kwatha.

Kenako yerekezani ndi kaundula. Mizere yosiyana iwerengedwenso ndi gulu lina, zitseko zikadali zotseka. Mukatsegula kaye n'kudzabwereza mawa lake, katundu amakhala atayenda kale ndipo simudziwanso chimene mukuyerekeza. Chiwerengero chikatsimikizika, mwini kapena woyang'anira wamkulu asaine asanasinthe kaundula.

Pofika apa muli ndi kaundula woona. Mukamusiya choncho, adzayambanso kupatuka sabata yomweyo, chifukwa zimene zinamupatutsa poyamba zikadalipo.

Kukonza ndondomeko ya kasinthasintha

Si katundu yense amene ayenera kuwerengedwa mofanana. Pa mtundu uliwonse, chulukitsani kuchuluka kwa zimene zinatuluka chaka chatha ndi mtengo umene munagulira chimodzi, kenako ndandalikani mitunduyo kuyambira wa ndalama zambiri kutsika. Pafupifupi paliponse mudzapeza kuti mitundu yochepa ya pamwamba ndiyo yanyamula gawo lalikulu la ndalama. Njira imeneyi imatchedwa ABC, ndipo imatsamira pa mfundo yodziwika ndi dzina la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy. Malire a magulu mumadula nokha malinga ndi mmene mndandanda wanu waonekera.

M'chitsanzo chathu tinene kuti gulu A lili ndi mitundu 60, gulu B mitundu 180, gulu C mitundu 360. Tasankha kuwerenga A mwezi uliwonse, B kamodzi pa miyezi itatu, C kamodzi pachaka. Ndiye kuti A ndi 60 kuchulukitsa ndi 12, zomwe ndi 720. B ndi 180 kuchulukitsa ndi 4, zomwe ndi 720. C ndi 360. Zonse pamodzi ndi maulendo 1,800 owerenga pachaka. Ngati masiku ogwira ntchito ali 240, ndiye kuti tsiku lililonse pakufunika mitundu pafupifupi isanu ndi itatu: itatu ya A, itatu ya B, iwiri ya C. Pa mphindi zitatu mtundu umodzi, ndi ntchito yosafika theka la ola kwa munthu mmodzi.

Musanamizike ndi theka la ola limenelo. Kuwerenga n'kwachangu, koma kufufuza kusiyana kumatenga nthawi, makamaka m'miyezi yoyamba. Patulani ola lathunthu tsiku lililonse. Mukaona kuti simukwanitsa, chepetsani chiwerengero cha mitundu. Kuwerenga isanu ndi kufufuza bwino kumapindula kuposa kuwerenga makumi awiri n'kumangosintha manambala.

Ndalama si muyeso wokhawo. Kwezerani m'gulu A katundu aliyense wamng'ono wolowa m'thumba, wosavuta kugulitsa kwina, ngakhale mtengo wake uli wochepa. Kwezeraninso amene akasowa ntchito imaima, amene amachedwa kufika mukaitanitsa, ndi amene ali ndi tsiku lothera mphamvu, monga guluu ndi utoto wina. Magulu amenewa muziwaonanso kamodzi pachaka, poti katundu woyenda kwambiri chaka chino akhoza kudzaima chaka chamawa.

Ntchito ya m'mawa uliwonse

Werengani m'mawa musanayambe kulandira kapena kutulutsa katundu, mapepala onse a dzulo atalowa m'kaundula. Awa ndi malire omwe aja a kalembera wamkulu, koma odulidwa tsiku ndi tsiku. Ngati pafunika kutulutsa katundu pashelefu imene ikuwerengedwa, wotengayo adikire kapena asiye kapepala konena zimene watenga ndi nthawi yake.

Amene amalemba kaundula asankhe mitundu ya tsikulo ndi kupereka pepala lopanda ziwerengero. Wowerenga asakhale yemweyo amene amasamala shelefu imeneyo masiku onse. Sikuti mukumukayikira, koma munthu saona cholakwika chimene wachizolowera, komanso dongosolo lotere limamuteteza iye mwini pamene katundu wasowa. M'malo a antchito ochepa, kusinthana mashelefu kumakwanira. Ndandanda ya masiku isadziwike kwa onse pasadakhale.

Wowerenga agwire katundu ndi manja. Katoni yomata kuchokera kufakitale akhoza kuikhulupirira malinga ndi zolembedwa, bola aziitukula kuti amve kulemera kwake ndi kutsegulako imodzi mwa apo ndi apo. Katoni yotsegula iwerengedwe chimodzichimodzi. Mulu wa makatoni auyang'ane pakati ndi kumbuyo, chifukwa mulu umaoneka wodzaza kutsogolo pamene m'kati muli mphako.

Tinthu ting'onoting'ono monga misomali ndi mabawuti tiyezedwe pasikelo. Werengani 100 ndi manja ndi kuyeza. Tinene kuti alemera magalamu 450, ndiye kuti limodzi ndi magalamu 4.5. Yezani onse, chotsani kulemera kwa chotengera, ndipo ngati patsala makilogalamu 9, gawani magalamu 9,000 ndi 4.5 kuti mupeze 2,000. Njira imeneyi siipereka nambala yeniyeni ndendende, choncho katundu wotere mumuikire malire ololera, mwachitsanzo 2 peresenti. Katundu wowerengeka chimodzichimodzi wa gulu A asakhale ndi malire ololera. Chimodzi chikasowa, chasowa.

Palinso nthawi zina zimene kuwerenga kumabwera kokha popanda ndandanda, ndipo n'kotchipa kwambiri. Shelefu ikatha katundu, onani ngati kaundula akunenanso ziro. Mukafuna kuitanitsa katundu wina, werengani wotsalayo poti ndi wochepa. Kaundula akaonetsa nambala yotsika kuposa ziro, pitani pashelefu tsiku lomwelo, chifukwa zimenezo sizingatheke ndipo kawirikawiri zimatanthauza kuti pali pepala lolandirira limene silinalowe.

Kusiyana kukapezeka: nkhani ya maloko 20

Gawo ili ndi limene limapatsa kasinthasintha phindu lake, ndipo ndi limene anthu amalidumpha.

Tinene kuti m'mawa wina wowerenga wapeza maloko aakulu 220, pamene kaundula akunena 240. Asowa 20. Musasinthe kaundula, ndipo musayambe kuyang'ana antchito ndi diso lokayika. Tumani munthu wina akawerengenso, osamuuza nambala yoyamba. Wapezanso 220. Yang'anani malo ena amene maloko angakhale: polandirira katundu, pa katundu wobwezedwa ndi ogula, pa owonongeka, pa katundu wolongedza kudikira kunyamulidwa. Palibe.

Tsopano bwererani pa kuwerenga komaliza kumene kunagwirizana. Maloko ali m'gulu A, choncho anawerengedwa masabata anayi apitawo ndipo analipo 300, shelefu ndi kaundula mogwirizana. Kuchokera pamenepo kaundula akuonetsa kuti analowa 120 ulendo umodzi, ndipo anatuluka 180 pa mapepala asanu ndi anayi. Masamu ake ali bwino: 300 kuphatikiza 120 kuchotsa 180 ndi 240. Muli ndi mapepala khumi okha oti muwaone. Mukanadikira kalembera wa pachaka, akanakhala oposa zana.

Mapepala otulutsira onse akugwirizana ndi zimene ogula anasainira. Pepala lolandirira likunena makatoni 10, ndipo wolemba kaundula anachulukitsa ndi 12, poti katoni ya maloko amenewa yakhala ikubwera ndi dazeni imodzi. Mukapita pashelefu n'kuyang'ana makatoni atsopanowo, mupeza palembedwa 10. Wogulitsa anasintha kalongedzedwe. Makatoni 10 operewera maloko awiri iliyonse ndi 20 ndendende. Palibe chimene chinabedwa. Maloko amenewo sanalowe n'komwe m'nyumbamo.

Zochita tsopano ndi zitatu. Konzani kaundula kukhala 220 ndi kulemba chifukwa chake pambali. Yang'anani invoisi kuti muone ngati munalipira maloko 120 kapena 100, ndipo ngati munalipira 120 tsatirani kwa wogulitsa nthawi isanapite. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, sinthani kalandiridwe: wolandira azilemba chiwerengero cha zinthu zili m'katoni monga waonera, osati makatoni okha. Mukalekeza pa choyamba, ulendo wotsatira makatoni 10 akadzafika mudzasowanso 20.

Nambala ya kusiyana imanena zambiri mukaizolowera. Ikagawika bwino ndi kuchuluka kwa m'katoni kapena ndi chiwerengero cha makatoni, kayikirani muyeso. Mtundu wina ukaperewera 15 ndipo mnzake wofanana nawo wawonjezera 15, ndiye kuti wotulutsa anatenga wina n'kulemba wina. Kusiyana kukafanana ndendende ndi pepala limodzi, pepalalo linalowa kawiri kapena silinalowe. Kusiyana kogawika ndi 9, monga 27 kapena 45, nthawi zambiri kumachokera ku manambala otembenuzidwa, wina atalemba 63 m'malo mwa 36. Kumene kumayenera kukudetsani nkhawa ndi kuperewera pang'onopang'ono, awiri mwezi uno, atatu mwezi wamawa, nthawi zonse mbali imodzi, pa katundu wosavuta kunyamula, popanda pepala lofotokoza. Apo m'pofunika kuganizira zotsekera katunduyo ndi kuona amene amafika pashelefupo.

Ndikupempheni kuti kusiyana kukapezeka musathamangire kudula malipiro a wosunga katundu musanafufuze. Antchito akadziwa kuti nambala yosiyana imabweretsa chilango, amaphunzira kubweretsa nambala yogwirizana, ndipo kuwerenga konse kumasanduka mwambo chabe.

Kudziwa ngati zikuyenda

Pakutha pa sabata, werengani mizere imene inagwirizana ndi kuigawa ndi mizere yonse imene munawerenga. Pa mitundu isanu ndi itatu patsiku kwa masiku asanu, ndi mizere 40. Ikagwirizana 34, kulondola kwa kaundula wanu ndi 85 peresenti. Ngati mumalemba pakompyuta, kaundula ali m'danga C ndipo zowerengedwa zili m'danga D, kusiyana kumapezeka m'danga E, ndipo kulondola kumawerengedwa motere:

```
=D2-C2
=COUNTIF(E2:E41,0)/40
```

Musaphatikize zoperewera ndi zowonjezera n'kusangalala kuti zafafanizana. Mtundu wina ukaperewera 20 ndipo wina wawonjezera 20, pa ndalama zingaoneke ngati palibe vuto, koma mizere iwiri ndi yolakwika, ndipo wogula amene akufuna woperewerayo abwerera chimanjamanja. Katundu wowonjezera ndi cholakwika chofanana ndi woperewera, ndipo amafunika kufufuzidwa chimodzimodzi.

Sungani buku laling'ono la zifukwa: muyeso wolakwika, pepala lochedwa, kutenga mtundu wina, kuwonongeka kosalembedwa, chosadziwika. Pakapita miyezi iwiri mudzaona kuti zifukwa ziwiri kapena zitatu ndizo zikubwerezabwereza. Ngati peresenti siikukwera ngakhale mukuwerenga tsiku lililonse, sankhani mitundu 20 yoyenda kwambiri ndipo muziiwerenga yomweyo sabata iliyonse kwa kanthawi. Popeza mwaikonza sabata yatha, cholakwika chilichonse chatsopano chachitika m'masiku asanu okha, ndipo chimene chikuchibweretsa sichingabisale.

Kasinthasintha ali ndi chofooka chimodzi choyenera kuchidziwa. Mukamayamba ndi kaundula n'kupita pashelefu, mumangoona zimene kaundula akuzidziwa. Katoni imene inaikidwa malo olakwika, kapena katundu amene sanalembedwepo, simudzamupeza. N'chifukwa chake kamodzi pa sabata ndi bwino kutembenuza: sankhani shelefu imodzi, lembani zonse zili pamenepo, kenako mukaziyang'ane m'kaundula. Chitani motero mpaka mashelefu onse atafikiridwa m'chaka.

Nthawi imene iliyonse imayenera

Kalembera wa katundu yense ndiye woyenera pamene mukuyamba kaundula watsopano kapena kusamukira ku pulogalamu ina, pamene wosunga katundu akusiyira mnzake makiyi, pamene mwasamuka nyumba, ndiponso pakachitika kuba, moto kapena madzi kulowa, poti a inshuwalansi ndi eni ake amafuna chithunzi cha zonse pa tsiku limodzi. Ndi woyeneranso pamene bizinesi ikugulitsidwa kapena kugawidwa. Ngati mitundu yanu ndi yochepa kwambiri, yoti anthu awiri angaimalize m'mawa umodzi, musavutike ndi magulu a ABC. Werengani yonse mwezi uliwonse. Chimodzimodzi ngati ntchito yanu ili ndi nyengo imene mashelefu amatsala pafupifupi opanda kanthu, pamenepo kalembera amakhala wopepuka.

Kasinthasintha amayenera pamene mitundu ndi mazana angapo kapena kuposa, katundu amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, kutseka kwa masiku awiri kungakutayitseni ogula, ndipo mumadalira kaundula polonjeza ogula ndi poitanitsa katundu. Koma amafuna munthu amene ola lake la m'mawa silidzalandidwa ntchito ikachuluka. Akamachitika sabata ino n'kulekeka masabata atatu, gulu C silifikiridwa, ndipo mumakhala ndi chikhulupiriro chabodza chimene n'choipa kuposa kudziwa kuti simunawerenge.

Za kumapeto kwa chaka cha ndalama, musadziweruzire nokha kuti kalembera wamkulu mwamusiya. Mabuku a pachaka amafuna chiwerengero chodalirika cha katundu wotsala, ndipo ngati mabuku anu amaunikidwa ndi maodita, muyeso wawo wa padziko lonse wotchedwa ISA 501 umawauza kuti akhalepo pa kuwerenga katundu pamene katunduyo ndi gawo lalikulu la chuma cha bizinesi. Akhoza kuvomereza kasinthasintha m'malo mwa kalembera wa tsiku limodzi, koma amafuna umboni: kuti mtundu uliwonse unawerengedwa m'chakacho, mapepala owerengera anasungidwa, kusiyana kunafufuzidwa, ndipo kusintha kaundula kunasainidwa. Kambiranani ndi akauntanti wanu chaka chikamayamba, osati chikamatha, ndipo funsani zimene malamulo a msonkho a dziko lanu amafuna.

Kwa nyumba ya mitundu 600 ija, ndondomeko imene ndingalangize ndi iyi. Chitani kalembera wa katundu yense kamodzi, mutakonza maina a malo. Sabata yotsatira yambani kasinthasintha ndi gulu A lokha, mitundu itatu patsiku, kwa mwezi umodzi, kuti anthu azolowere kufufuza. Mwezi wachiwiri onjezerani B ndi C kufika pa isanu ndi itatu. Chaka choyamba chikamatha, chitanibe kalembera wamkulu, ndipo mumugwiritse ntchito ngati mayeso: ngati mizere yosiyana ili yochepa kwambiri ndipo yambiri ili m'gulu C, muli ndi umboni woti mupite nawo kwa akauntanti pokambirana zosiya kutseka chaka chotsatira. Ngati yosiyana ikadali yambiri m'gulu A, limene mwakhala mukuliwerenga mwezi ndi mwezi, tsegulani buku la zifukwa lija, muone chifukwa chimene chalembedwa kawirikawiri, ndipo muyambe kukonza polandirira ndi potulutsira katundu musanawonjezere maulendo owerenga.